Misoko Itatu pa Buluku la Bambo

Bambo anga ndi telala. Chiyambire kuzindikira kwanga akhala akusoka pakhonde la sitolo ina ku Limbe, makina awo ali pakati pa makina a anzawo awiri. Munthu wotere akayamba kuonda simungadziwe msanga, chifukwa buluku likangomukulira amalibweza yekha. Ndi mmene anatipusitsira kwa miyezi isanu ndi iwiri.

Ine sukulu ndinasiyira Fomu 3. Ndinabwereza kamodzi, kachiwiri ndinakana, ndipo musandifunse zambiri. Chilango changa chinali nyumba yathu ya ku Chinyonga: kusesa, kuchapa, kusita, kutunga madzi mpope ukauma. Amayi amagwira ntchito yokolopa m'maofesi mu tauni ndipo amanyamuka m'mamawa. Choncho zonse zimene anthu a m'nyumbamo ankavula kapena kusiya m'mbuyo zinkadutsa m'manja mwanga.

Tsiku lina ndikusita buluku la bambo lakuda, lija amapita nalo kutchalitchi, simbi inakodwa kumbuyo kwa chiuno. Nditalitembenuza ndinapeza misoko itatu yondondozana, uliwonse wolowa mkati kuposa unzake. Woyamba unali wa ulusi wakuda, wachiwiri wakudanso, wachitatu wabuluu. Bambo sasoka nsalu yakuda ndi ulusi wabuluu. Kasitomala atawapempha zotere akhoza kumubweza. Msoko umenewo anausoka mothamanga, pobisalira anthu.

Ndinayang'ana mabuluku ena onse. Chimodzimodzi.

Zachiwiri ndinaziona sabata imene madzi anasiya kutuluka masiku anayi. Chimbudzi chathu n'chamadzi, ndiye mpope ukauma timathira ndi ndowa. M'mawa wina bambo anapeza ndowa ilibe kanthu, anangotseka chivundikiro n'kuthamangira minibasi. Wobwera ndi madzi ndinali ine. Ndinatsegula. Munali magazi, osati ofiira ngati a bala latsopano, koma oderako, osakanikirana ndi chimbudzi chenichenicho, ndiponso zonanda ngati mamina. Ndinaima ndi ndowa m'manja mpaka mkono unachita dzanzi. Kenako ndinathira.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwawerenga bambo ngati mmene ndinalepherera kuwerenga mabuku. M'mawa umodzi ankalowa kuchimbudzi katatu, n'kumatuluka nkhope ili yosakhutira. Masiku ena ankadandaula kudzimbidwa, ena kutsegula m'mimba. Chakudya ankasiya theka n'kunena kuti ndiwo ndathira mchere wambiri. Kachitunda kochokera pa siteji kufika kwathu, kamene kale ankakwera akuimba nyimbo za kwaya, tsopano ankapumira kawiri.

Ndinawauza amayi Loweruka tikuyanika zovala.

"Amayi, bambo akuchita magazi."

Anaponya malaya m'beseni. "Iwe, pakamwa pakopo. Waona kuti?"

"Kuchimbudzi. Ndimathira madzi ndine."

"Mwana wamkazi amasuzumira zimene bambo ake asiya? Unaleredwa kuti?"

"Konkuno."

Anayang'ana kumpanda ngati aneba amva, n'kutsitsa mawu. Anati akudziwa. Anati ndi nthenda ya mudzi, imagwira anthu okhalira pampando tsiku lonse, ndipo bambo akumwa mankhwala a zitsamba amene anagula kwa munthu wina pamsika. Za kuondazo anati ndisade nkhawa.

"Anakayezetsa magazi mwezi wathawu, ine ndili pomwepo. Alibe kachilombo. Tonse tilibe."

Anazinena monyadira, ngati nkhani yathera pamenepo. Ndipo kwathu kuno imatheradi pamenepo. Munthu akaonda, aliyense amaganiza chinthu chimodzi. Akapezeka alibe, timathokoza Mulungu n'kubwerera kunyumba, ngati padziko pano nthenda yoondetsa ndi imodzi yokha. Bambo anapita pa katenti koyezera, anabayidwa chala, anamva zimene ankafuna kumva. Za magazi akuchimbudzi sanauze munthu pamenepo, ndipo panalibe amene akanawafunsa.

Ndinati, "Ndiye akuonda chifukwa chiyani?"

"Maganizo. Ali ndi mwana amene anasiya sukulu."

Ndinatola beseni n'kulowa m'nyumba.

Kwathu mwana wamkazi salankhula ndi bambo ake za m'mimba mwawo. Agogo anga anachoka ku Mozambique kalekale, chilankhulo chawo ife tinataya, koma malamulo awa tinasunga onse. Ukakhala ndi nkhani yotere umauza amayi, amayi auze bambo pa nthawi yabwino. Ndinadikira nthawi yabwinoyo masabata atatu. M'masabata amenewo m'thumba la jekete la bambo ndinapezamo timapepala ta mapiritsi a kamwazi ogula pagolosale, ndipo buluku lakuda lija linapeza msoko wachinayi.

Lachiwiri lina anaiwala chakudya chawo chamasana. Ndinakwera minibasi kukawapatsa. Ndinawaona ndili patali, pakati pa anzawo awiri aja, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona ngati mmene mlendo angawaonere. Khosi linkasambira mu kolala. Phazi linkapalasa makina pang'onopang'ono, kuima, kupalasanso. Tepi yoyezera inali pakhosi monga mwa masiku onse.

Mnzawo wakumanja, bambo wachikulire wa ku Kanjedza amene amasoka masuti, anandiona. "Achimwene, abwana anu afika ndi kontena."

"Abwana a Fomu 3," anatero bambo osadzutsa mutu. "Ika apo."

Sindinaike. Ndinasolola tepi ija pakhosi pawo.

"Imani ndikuyezeni."

"Wayamba misala?"

"Mumavala sate-sikisi. Munandiphunzitsa ndinu ndili mwana. Imani tione."

Anzawo anaseka, akuyesa ndi nthabwala. Wa masuti uja anati, "Imani, achimwene, mwana aphunzire ntchito." Bambo anaima chifukwa kukana kukanaoneka moipa. Ndinazunguliza tepi m'chiuno mwawo. Ndinamva mafupa. Chala changa chinaima pa sate-wani.

Ndinawerenga mokweza. Palibe anaseka. Atelala amadziwa tanthauzo la mainchesi asanu.

"Ndinayezetsa," anatero bambo, akuyang'ana anzawowo, osati ine. "Ndilibe."

Apa ndi pamene ndinachita chimene mpaka lero azakhali anga sanandikhululukire. Ndinanena pakhonde, masana, anthu akudutsa ndi matumba awo.

"Mukuchita magazi kuchimbudzi, bambo. Ndawaona ine. Si mudzi, si kamwazi, mapiritsi mwamwa sanathe. Mukufuna tidzakuyezeni ndi tepi yomweyi pogula bokosi?"

Ndinkayembekeza khofi. Dzanja lawo linanyamukadi, koma linakagwira m'mphepete mwa makina. Wa masuti uja anavula magalasi ake, anawapukuta nthawi yaitali, kenako analankhula motsitsa.

"Achimwene, mkulu wanga anayamba chonchi. Ifenso tinkati mudzi. Tsekani makinawa. Madiresi awowo ndimaliza ine."

Bambo anavundikira makina ndi nsalu. Sanandilankhule mu minibasi, sanandilankhule kunyumba, sanandilankhule m'mawa mwake pamzere wa pachipatala chaching'ono, pamene tinakhala pabenchi kuyambira dzuwa lisanatenthe mpaka litafika pamutu. Amayi anapita kuntchito. Anati sangapemphe tchuthi chifukwa cha mudzi.

Dokotala anali mayi wamng'ono thupi, wotopa, wosaseka. Anatsegula kabuku ka bambo ka kuchipatala n'kufunsa chimene chawabweretsa.

"M'mimba mwangovuta pang'ono," anatero bambo.

Ndinayankhira ndili pakhomo. "Magazi m'chimbudzi. Aonda mainchesi asanu. Amatsegula, kenako amadzimbidwa."

Dokotala anaika cholembera pansi. "Bambo, mwana wanuyu akunena zoona?"

"Ndi wamwano."

"Sindinafunse zimenezo."

Bambo anavomera ndi mutu. Dokotala anafunsa kuti magaziwo ndi ofiira kapena oderako, amabwera pomaliza kapena osakanikirana, ndiponso ngati akachoka kuchimbudzi amamva ngati sanamalize. Anawatsitsa chikope n'kuyang'ana mkati mwake, anatembenuza zikhatho zawo. Zinali zoyera ngati za munthu wogwira ufa. Ine ndinali ndisanazione, ngakhale ndinkadziyesa wochenjera.

"Zayamba liti?"

"Chaka chatha, mvula isanayambe."

Dokotala anawerenga miyeziyo pa zala. Kuwerenga kumeneko ndimakukumbukira kuposa mawu onse a tsikulo. Kenako anavala magolovesi n'kundiuza kuti nditulukemo.

Atandiitananso, bambo anali atakhala m'mphepete mwa bedi akumanga lamba, maso ali pansi. Dokotala anati magazi m'thupi mwawo achepa kwambiri. Anati mudzi umatulutsadi magazi, koma suondetsa munthu chonchi, ndipo chala chake chakhudza chinthu cholimba chimene sichiyenera kukhalapo. Sanachitchule dzina. Analemba kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu, kuti akawaunike m'matumbo ndi kachipangizo koonera mkati n'kudulako kanyama kokayeza.

"Musadikire Lolemba. Musapitenso kwa azitsamba. Mawa."

Panja bambo anapinda kalatayo kanayi n'kuiika m'thumba la malaya, mmene amaika choko. Mawu awo oyamba kwa ine m'masiku awiri anali akuti, "Amayi ako ukawauze ndiwe. Pakamwa uli napo."

Zotsatira za kanyamako zinatenga masabata angapo. Inali khansa ya m'matumbo. Anawachita opaleshoni, anachotsa chotupacho, ndipo tsopano chimbudzi chimatulukira m'kathumba komata pamimba. Dokotala wa kumeneko anatiuza mosabisa kuti chikanapezeka miyezi ija yoyambirira nkhani ikanakhala yopepukirapo, ndipo sangalonjeze kuti sichibwerera. Bambo amalandira mankhwala a m'diripi, ndipo amapita kukaunikidwa pa masiku amene anawalembera m'kabuku. Amayi anasiya kutchula mudzi. Sanandipepese, inenso sindinawapemphe.

Azakhali amanenabe pamaliro ndi paukwati kuti ndinavula bambo anga pagulu. N'zoona. Ndimangodandaula kuti ndinadikira masabata atatu ndisanatero, ndikulemekeza mwambo pamene chinthucho chinkakula.

Bambo anabwerera pakhonde, koma amasoka theka la tsiku. Mabuluku awo anawasomola misoko yonse n'kuikamo lasitiki kuti asapanikize kathumbako. Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi amalowa kuchipinda, amatuluka ndi tepi, amandipatsa osalankhula, n'kuima pakati pa balaza manja atatambasula. Chiwerengerocho ndimalemba ndi choko kuseri kwa chitseko. Chinakwera kufika sate-fili, n'kukhala pamenepo miyezi iwiri.

Lamlungu lapitali chinali sate-thu ndi theka. Ndinayezanso kachiwiri, tepi ndikuigwira momasuka. Bambo anayang'ana chala changa pamene chinaima.

"Wakoka kwambiri," anatero.

"Sindinakoke."

Tsiku lawo lokaunikidwa ndi mwezi wamawa. Ndawauza kuti sitidikira, tipita Lachitatu lino. Kabuku kaja ka kuchipatala ndakaona kali kale m'thumba la jekete.