K3 ya Ketulo ya ba Exildah

Ba Exildah akhala akuluka tsitsi pa Chinyunyu kuyambira chaka chomwe Rufunsa inakhala boma lakelake, ndipo mtengo saubisa. Amautchula poyera ngati kondakitala wa minibasi.

"Tsitsi la meshi mapaketi atatu, K120. Maola asanu ndili chiimire, K100. Malaiti mayuniti awiri, K6: imodzi ya dirayala youmitsira tsitsi, ina ya ketulo yowiritsa madzi oviikamo nsonga kuti zisamasuke. Zonse K226."

Tsiku lina kunabwera ba Harriet, ogulitsa tomato pamsewu, mayi wosalola ngwee kudutsa osaifunsa kumene ikupita.

"Ya ketulo chotsani," anatero ba Harriet. "Madzi otentha Mulungu anatipatsa aulere kukasupe uko."

"Otentha inde, koma si owira," anachenjeza ba Exildah.

Ba Harriet sanamve. Analukidwa, analipira K223, napita kukasupe monyadira. Anagwada pakati pa alendo ojambula zithunzi n'kuviika nsongazo mpaka khosi linawawa.

M'mawa mwake ba Exildah akusesa pakhomo anamva fungo la madzi a kukasupe, longa la mazira owola, kenako anaona mwini fungolo, ba Harriet, atafunda duku. Nsonga zonse zinali zitamasuka ngati ndevu za chimanga.

Ba Exildah sanaseke, ngakhale mapewa awo ankagwedezeka. Anangotenga ketulo.

"Kutsuka ndi kulukanso nsonga, maola awiri, K40. Malaiti K6."

"Nanga ya ketulo?" anafunsa ba Harriet chapansipansi.

"Ili momwemo, amayi. Kapena tiichotsenso?"