Dothi la Mkulu Wophimbira Mapesi

Abwana amene ankatiyang'anira chaka chimene ndinkaphunzira ntchito ya zaulimi ku Balaka ankadziwa kuphunzitsa, ndipo mpaka lero ndimadana nawo.

Bungwe lathu linalonjeza njinga kwa mlimi wa kwa Nsamala amene munda wake ukasunge madzi kuposa ina pa ng'amba ya mu Febuluwale. Pomaliza panatsala minda iwiri. Wina unali wa mkulu wina wachilomwe, woimbitsa nyimbo kutchalitchi, amene anataya khasu n'kumaphimbira munda ndi mapesi. Mudzi wonse unkamuseka kuti ndi mlesi woweta chiswe, ndipo mkazi wake yemwe ankaseka nawo. Njingayo mkuluyo ankaifuna, koma makamaka ankafuna kuti anthu atseke pakamwa. Munda winawo unali wa mphwake, wouma gwa ngati bwalo la mpira.

Ntchito yathu inali ya ring'i, kachitsulo kobulungira kolowa dothi lokwana makiyubiki sentimita 100. Tinkaikhomera pansi pomenya pathabwa, kuifukula, kusadza dothi lotsalira ndi mpeni, kutseka, n'kuyeza pasikelo. Ku boma tinkaumitsa dothilo mu uvuni pa madigiri 105 usana ndi usiku, n'kuyezanso. Kulemera kumene kwachoka ndiye madzi.

Pophatikiza maring'i onse, pa ring'i imodzi dothi la mkulu uja litauma linkalemera magalamu 120, madzi 24. Kugawa madzi ndi dothi louma, 20 peresenti. La mphwake linkalemera 150, madzi 27, ndiye kuti 18 peresenti. Abwana atangoona manambalawo anamwetulira, n'kunditenga pa njinga yamoto ulendo wa kwa mkulu uja. Anamuuza kuti iye ali pa 20, mphwake pa 18, ndipo aitane anthu ambiri tsiku lachionetsero. Sananame ngakhale liwu limodzi. Ine ndinasangalala nawo, popeza mpaka apo ndi pomwe masamu anga ankalekezera.

Mkuluyo anapha mbuzi. Anaitana kwaya yake, nabwereka jekete lomulekeza m'zigongono. Mkazi wake anamanga duku latsopano, n'kumauza amayi anzake kuti iye ankadziwa kale kuti mapesiwo ndi nzeru.

Anthu atakhala pansi pa mtengo wa mango, abwana anaimika bolodi natiitana ophunzirafe kutsogolo. Analemba 20 ndi 18, kwaya n'kululutira. Kenaka anafunsa ngati muzu wa chimanga umayenda m'magalamu kapena m'malo. Anandipatsa choko kuti ndigawe kulemera kwa dothi louma ndi kukula kwa ring'i. La mkulu uja linatuluka 1.2, la mphwake 1.5, kusonyeza kuti la mphwakeyo n'lothinana, m'malo ofanana mumalowa dothi lambiri. Anati tsopano ndichulukitse peresenti iliyonse ndi nambala yake, tione madzi amene ali m'malo ofananawo. 20 kuchulukitsa ndi 1.2, ndinalemba 24. Pa 18 ndi 1.5 yankho ndinali nditaliona kale pasikelo paja.

"Werenga mokweza, agogowa amve," anatero abwana.

Ndinawerenga 27.

Mkulu uja anali akumwetulirabe, poti sanatsatire. Anadzuka, nakonza jekete, n'kuyamba kuyenda kulunjika pa njinga. Abwana anamulola kufika mpaka kugwira chishalo.

"Iyayi madala, imeneyo ndi ya mphwanu. Inu munapambana pasikelo. Kodi chimanga mumadzala pasikelo?"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ena a kwaya anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Mphwake wa mkuluyo anaikwera njingayo pomwepo, akuliza belu kuzungulira mtengo. Nyama ya mbuzi ija tinadya ndithu, abwana mpaka kuwonjezera.

Pobwerera ndinawafunsa ngati dothi lothinana choncho lilidi labwino. Anati ayi, mizu imavutika kuboola, mvula yambiri imangothamanga pamwamba, ndipo sitinayeze n'komwe kuti mwa madziwo chimanga chingamwe ochuluka bwanji. Munda wabwino unali wa mkulu uja, anatero, koma mpikisano unali wa madzi okha. Anawonjeza kuti ophunzira chaka chilichonse amaiwala kuchulukitsa kuja, koma ife sitidzaiwala. Pamenepo ananena zoona, ndipo n'chimene chimandiwawa kwambiri.

Mu Okutobala anandituma kukatenganso dothi m'minda yomweyo. Ndinapeza munda wa mkulu uja uli bii, mapesi onse atawotchedwa, iye ali chiweramire kuunga mizere dzuwa lili paliwombo. Ataona ring'i m'manja mwanga anaweramuka pang'ono.

"Yezani kwa mphwanga, mwanawe. Kuno kulibe madzi."

Anabwerera pa khasu lake.