Zaka zisanu ndi zitatu m'chiganizo chimodzi

Ntchito yanga ya ulangizi wa zaulimi itatha ku Balaka, ndinauza anthu kuti ndikupuma kaye miyezi itatu. Miyezi itatu ija inaswana mpaka zinakwana zaka zisanu ndi zitatu, ndipo zonsezo ndinazithera pa Ntaja ndikutchova kabaza. Ndinkavala chipewa chofika m'maso kuti anzanga akale akamadutsa pagalimoto asandizindikire. Kutopa ndinkakupirira, koma manyazi ndiwo ankandimaliza.

Ndiye kabungwe kena ka pa Ulongwe kanalengeza kuti kakufuna mlangizi. Kuwonjezera pa kalata ndi mapepala a sukulu, ankafuna mbiri yachidule ya mizere isanu, yoti idzalowe m'chikalata chopita kwa owathandiza. Apa n'kuti ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, maondo atayamba kulira pa chitunda chilichonse. Ndinkadziwa kuti iyi ikandiphonya ndidzakalambira pa chishalo cha njinga.

Ndinalemba mbiri ija n'kupita nayo kwa mlongo wanga wamng'ono ku Balaka. Iye amagwira mu ofesi yolemba anthu ntchito, ndipo pakamwa pake palibe mabuleki. Anawerenga mokweza: "Mkulu woyang'anira zamtengatenga pa Ntaja."

Anandiyang'ana. "Achimwene, galimoto zake zinalipo zingati?"

"Imodzi," ndinatero.

"Ya matayala angati?"

Atafunsanso za injini, ndinangoyang'ana miyendo yanga. Kenako ndinayesa njira ina, yoti tikoke chaka chimene ntchito ya ku Balaka inatha, chisendere kuno pang'ono.

"Iyayi," anatero. "Timaimba foni ife. Wosowa ntchito timamulemba, koma wabodza ayi."

Ndinabwerera kunyumba nditakwiya, n'kunena kuti ngati akufuna chilungamo achiona. Ndinadzaza tsamba lonse: mmene pulojekiti inathera, makalata amene sanayankhidwe, chaka cha chilala, tsiku limene foloko ya njinga inathyoka ndili ndi matumba awiri a nandolo. Mawu akuti "mwatsoka" analowamo kanayi. Ndikuwerenga ndekha misozi inalengeza.

Nditamupatsa mawa lake, mlongo wanga sanafike n'komwe pakati. "Uwu ndi uthenga wa pamaliro," anatero. "Dzulo munabisa dzenje, lero mwaunjikapo nyali kuti aliyense alione. Akamaliza kuwerenga akumbukira kabaza yekha, zoti munali mlangizi zaka khumi ndi ziwiri aiwala."

Anandipatsa cholembera. Anati ndiyambe ndi chimene ndimadziwa, zaka za kabaza zikhale pakati m'chiganizo chimodzi, chopanda kupepesa, ndipo nditsirize ndi zimene ndikuchita panopa. Zaka zenizeni za ntchito iliyonse zinali kale m'mapepala ena, zosakoka. Chodabwitsa, mbiri yotere umailemba ngati ukunena munthu wina, ndipo ndinaona kuti munthu winayo sindinkamuchitira manyazi. Zinatuluka chonchi:

"Iwo ndi mlangizi wa zaulimi amene anagwira ntchito ndi alimi a thonje ndi nandolo ku Balaka kwa zaka khumi ndi ziwiri. Pulojekiti itatha, anakhala zaka zisanu ndi zitatu akulima komanso kuyendetsa kabaza m'midzi yozungulira Ntaja. Panopa amalangiza gulu la alimi a m'mudzi mwawo za kasungidwe ka mbewu."

Za gululo n'zoona, ngakhale kuti tilimo asanu ndi awiri, mmodzi ndi mkazi wanga.

A kabungwe kaja anandiitana ku mafunso. Pa tebulo panali anthu atatu, wapampando ali mayi wina wovala mpango wa Chisilamu. Abambo awiriwo anandifunsa za nankafumbwe ndi za mbozi, ndipo za zaka zija anangofunsa kamodzi ngati ndikutsatabe mbewu zatsopano. Mayi aja sanafunse kanthu, ankangondipenyetsetsa. Ndikutsanzika, nditatembenuka kuti ndigwire chitseko, ndinamva akuti, "Taimani pomwepo, abambo. Musacheuke."

Ndinaima ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

"Nkhope yanu sindinaidziwe," anatero, "koma nkhongo imeneyo ndikuidziwa. Munkanditenga pa Ntaja popita kwa mayi anga, ndipo njira yonse munkanyoza minda ya eni ake kuti mizere aitalikitsa."

Abambo aja anaseka. Ndinaona m'maganizo pepala loyamba lija lili m'manja mwa mayiwa, akuwerenga za mkulu woyang'anira zamtengatenga amene ankawapempha kuti atsike kaye pa chitunda.

Ntchito anandilemba. Tsiku loyamba anandipatsa njinga yamoto yoyendera m'midzi, pamodzi ndi chipewa chake chotchinga mutu wonse. Ndinachitembenuza m'manja n'kuseka ndekha. Zaka zisanu ndi zitatu ndinkaphimba kumaso, pamene makasitomala anga onse ankakhala kumbuyo.