Maso a Bambo Analibe Mlandu

Bambo anga anasoka nsapato zaka makumi atatu pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo ankanyadira maso awo kuposa manja. Anthu ankangowatchula kuti a Kadiso. Ulusi ankaulowetsa pa singano kamodzi n'kamodzi, kenako n'kumaseka anzawo ovala magalasi. "Inu a maso anayi, mwaona?"

Foni yokha ndi imene inkawavuta. Potumiza ndalama kwa wogulitsa zikopa, iwo ankawerenga nambala m'kope lawo lonunkha guluu, ine n'kumadina.

Tsiku limenelo ndinali pa changu, anzanga akundidikira. Ndinangoti dinu dinu n'kutumiza, dzina lotuluka pa foni osaliyang'ana n'komwe. Uthenga utabwera, dzina lachilendo! Manambala awiri omaliza ndinali nditawatembenuza. Bambo anawerenga bwinobwino, ndinawamva ndi makutu angawa.

"Mayo ine, zikopa za mwezi wonse!" anatero atagwira kumutu.

Tinaimbira a kampani ya foniyo pompopompo. Mtsikana amene anayankha anafunsa dzina la mwini foni, nambala ya pa uthenga uja, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala yolakwikayo. Anati ngati wolandira ndalamazo sanatape, azitseka kaye kuti zisatuluke, amuimbire, akavomera azibweza. Ngati watapa kale, ndiye kuti nkhani yavuta.

"Nanga zinalakwika bwanji, bambo?" anafunsa.

Bambo anayandikiza kope kumaso, n'kulitalikitsanso. "Ndine ndawerenga molakwika, mwanawe. Maso akalamba."

Ine duu. Ndinkaopa kukalipiridwa pamaso pa makasitomala, basi. Mantha a zii amenewo.

Mwamwayi munthuyo anali woopa Mulungu. Tsiku lachitatu ndalama zinabwera zonse, ine mtima pansi. Ndimvekere zatha.

Zinathera kuti? Bambo anayamba kukayikira chilichonse. Msoko wowongoka bwino ankauphwasula n'kuyambiranso. Nsapato ya tsiku limodzi inkagona sabata, makasitomala n'kumathawa mmodzimmodzi. Ulusi ankapempha mayi wogulitsa misomali kuti awalowetsere, munthu amene kale ankamuseka. Miyezi itatu isanathe, ananyamula bokosi lawo la zipangizo n'kukaliika kunsi kwa bedi.

Zinandidya, sindinama. Lamulungu lina ndinawapeza pakhonde kunyumba, manja ali pamaondo, ndipo ndinagwada.

"Bambo, tsiku lija munawerenga bwino. Ndinalakwitsa kudina ndine. Ndikhululukireni."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso awo akuthwa omwe aja. Kenako anaseka pang'ono n'kundisisita kumutu.

"Uli ndi mtima wabwino, mwana wanga. Koma usamaname pofuna kusangalatsa nkhalamba."

Ndawauza kanayi tsopano. Bokosi lija likadali kunsi kwa bedi.