Makilo Mazana Anayi a Sikelo

Pa fakitale ina yowotcherera zitsulo panalibe amene ankamutchula dzina lake lenileni. Onse ankangoti a Sikelo, ndipo mwiniwake ankalikonda dzinalo kuposa limene anamupatsa mayi ake.

Anayamba ntchito ali mnyamata, akujambula mapulani ndi pensulo pathebulo lopendekeka. Kompyuta itabwera anzake ena anaithawa, koma iye anaikakamira mpaka inamumvera. Kasitomala akafuna chinthu, Sikelo ankachimanga chonse pakompyuta chisanadulidwe n'komwe, chathunthu, ndi mabowo ake omwe, n'kumachitembenuza uku ndi uku pasikirini. Kenako makinawo ankawerengera voliyumu, kutanthauza malo onse amene chitsulocho chadzaza, n'kuchulukitsa ndi kulemera kwa mtundu wa chitsulo chimene wasankha. Makilo akatuluka, Sikelo ankawonjezera kagawo ka zidutswa zotsala podula, n'kuchulukitsa ndi mtengo wa kilo imodzi. Bwana ankangotenga nambalayo osafunsa.

Vuto la munthuyu linali kudzimva. Kaofesi kake kanali ndi windo loyang'ana kogwirira ntchito, ndipo zaka zinadutsa asanagwireko chitsulo ndi manja ake. Wowotcherera akati, "Ichi chikuoneka cholemera," iye ankayankha kuti, "Kuoneka si nambala, achimwene."

Kusitolo ya zipangizo kunali mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake wamng'ono. Sikelo ndi amene anamupezera ntchitoyo, ndipo sankalola kuti aliyense aiwale zimenezo. Mlamuyo anali wofatsa, wachibwibwi pang'ono, ndipo makiyi a sitolo ankawamangirira palamba ndi chingwe cha nsapato.

Tsiku lina kunabwera oda ya chokhazikapo jenereta yaikulu, chopangidwa ndi mapuleti ochindikala a sitilo. Sikelo anachimanga pakompyuta, makinawo n'kunena kuti makilo 189. Anawonjezera zotsala, n'kuuza bwana kuti zonse sizipitirira 210. Anyamata anadula, anawotcherera, kireni inachikweza palole, chinapita.

Pakutha pa mwezi bwana anatulukira kogwirira ntchito maso ali psuu. Ntchito ya jenereta ija inali itadya phindu lonse, chifukwa kusitolo kunatuluka sitilo wa makilo 620. Anasonkhanitsa onse.

"Makilo mazana anayi apita kuti? Ali ndi miyendo?"

 Wamkulu wa owotcherera anayamba kunena kuti chinthu chija chinalidi cholemera, koma Sikelo anamudula pakamwa.

"Kompyuta sinama, bwana. Funsani amene amasunga makiyi."

Ananena mokweza, aliyense akumva, pofuna kuonetsa kuti iye pa ntchito sayang'ana chibale. Mlamu wake anayesa kuyankha koma chibwibwi chinamugwira pakhosi, mawu osatuluka, ndipo anthu anaona ngati wagwidwa. Owotcherera anatseka pakamwa poopa kuti chala chingatembenukire kwa iwo. Bwana anamuuza mlamuyo kuti akakhale kunyumba mpaka nkhaniyo itafufuzidwa. Mlamuyo anamasula kachingwe kaja palamba, n'kusiya makiyi pabenchi, n'kutuluka.

Pasanapite nthawi kasitomala uja anaitanitsa chokhazikapo china chofanana ndi choyamba. Sikelo anatsegula chojambula chija akuimba mluzu. Maso ake anagwera pakabokosi kakang'ono ka pakona, kamene kamasonyeza mtundu wa chitsulo. Munalembedwa kuti aluminiyamu.

Mluzu unathera pomwepo. Anakumbukira kuti tsiku lija anayambira pa fayilo ya ntchito ina, chivundikiro chopepuka cha aluminiyamu, pofuna kufulumira. Anafufuta chivundikirocho n'kumanga chatsopano, koma mtundu wa chitsulo sanausinthe. Pasikirini zonse ziwiri zimaoneka zotuwa. Voliyumu inali yolondola ndithu, kiyubiki mita 0.07, koma kiyubiki mita ya aluminiyamu imalemera makilo 2,700 pomwe ya sitilo ndi 7,850. Anasankha sitilo. Nambala inasintha n'kukhala 550. Kuwonjezera zotsala, inkafika pafupifupi pa zimene mlamu wake anatulutsa kusitolo.

Manyazi anamugwira mpaka thukuta kumsana. Anasuzumira pawindo, koma panalibe amene ankamuyang'ana. Ndipo apa tinene zoona, munthuyu sanadzuke kuthamangira kwa bwana. Anasunga fayilo yokonzedwayo, n'kutseka kompyuta, n'kumadziuza kuti mtengo watsopano adzaunamizira kukwera kwa zitsulo. Paja chala sichiloza mwini.

Madzulo a tsiku lomwelo anapeza mlongo wake atakhala pakhonde kunyumba kwake, nsapato zili fumbi lokhalokha. Anali atayenda wapansi kuchokera kwawo.

"Achimwene, ndabwera kwa inu chifukwa bwana uja amakumverani. Alamu anu sakudya, sakutuluka panja. Ana akusekedwa kusukulu kuti bambo awo ndi wakuba."

"Iwowo akuti chiyani?" anafunsa Sikelo, maso ali pansi.

"Akuti pali wina amene anawaloza chala, koma akukana kumutchula. Akuti zingapasule mabanja. Inu simukumudziwa munthu ameneyo? Ndikungofuna ndimuone nkhope."

 Mkazi wa Sikelo anabweretsa madzi akumwa, anaona nkhope ya mwamuna wake, n'kubwerera m'nyumba mwakachetechete.

"Ukumuona, mlongo wanga," anatero Sikelo pomaliza.

Mlongoyo sanakalipe. Anasiya kapu yamadzi ija osamwako, anamanga bwino mpango wake kumutu, n'kutsika masitepe. Sikelo anamuitana kuti amuperekeze kokwerera basi, koma sanacheuke.

M'mawa mwake Sikelo anapempha bwana kuti asonkhanitse onse pamalo omwe aja. Anatulutsa kompyuta muofesi n'kuikhazika pabenchi pamene panasiyidwa makiyi. Anasankha aluminiyamu, onse anaona 189. Anasankha sitilo, onse anaona 550. Mawu ake ankamveka movutikira ngati a munthu wachimfine. Bwana anamunyoza kokwanira, ndipo iye anangoima manja ali kumbuyo. Wina kumbuyo ananong'ona kuti sikelo yafa, anzake n'kubisa kuseka.

Ntchito sinamuthere, chifukwa panalibe wina wodziwa makinawo. Lero asanapereke mtengo uliwonse amayamba waona kabokosi kaja, kenako n'kuchulukitsanso yekha pakapepala. Wowotcherera akati chinthu chikuoneka cholemera, amadzuka kukachiona.

Mlamu wake anabwerera kusitolo. Sikelo anapita kukapepesa, ndipo mlamuyo anamumvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Za-zatha, alamu." Kunyumba kwa mlongo wake amalandiridwa, amapatsidwa mpando, koma nthabwala zakale zija kulibe. Madzi akatayika saoleka.

Pali chinanso chimene chinasintha. Mlamuyo anakokera sikelo yaikulu ya pansi pakhomo penipeni pa sitolo. Chitsulo chilichonse chotuluka, ngakhale kachidutswa konga dzanja, amachiika pamenepo, kenako amayenda mpaka pawindo la kaofesi kaja n'kugogoda mwaulemu, wopanda mkwiyo uliwonse pankhope.

"Alamu, bwerani mu-muone ndi maso anu."

Sikelo anamupemphapo kuti asiye zimenezo, kuti amamukhulupirira. Mlamuyo anangomwetulira, ndipo mawa lake anagogodanso. Choncho Sikelo amadzuka, n'kudutsa pakati pa owotcherera onse, n'kukaima pambali pa mwamuna wa mlongo wake kuwerenga makilo.