Nkhuku ya Mlamu Wanga Duncan

Mlamu wanga Duncan ndi kamwendomnjira. Mukamupatsa mpando amakhala pansonga penipeni, mwendo ukunjenjemera, maso ali kumsewu. Analimapo fodya kwa Chulu, nyengo yokolola isanakwane anayamba geni ya njinga, kenako tinangomva kuti ali ku Joni, akugwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti. Anasiya mlongo wanga Agnesi ali ndi mwana kumbuyo, dzina lake Olive. Mwanayo anakulira m'nyumba mwanga kuno ku Kasungu boma, ndipo sindibisa, munthuyu ndinkamukwiyira.

Anabwerako chaka chatha, imvi zili mbuu. Anzake amabwera ndi galimoto kapena malata, iye anatsika basi atasenza uvuni yamagetsi. Tinaseka mpaka misozi. Olive yekha sanaseke. Anamupatsa moni ngati mlendo wa kutchalitchi, n'kumamutchula kuti "a Duncan". Mawu oti "ababa" sanatuluke pakamwa pake, ndipo Duncan ankawadikira ngati mvula yoyamba.

Tsiku la chinkhoswe cha Olive litayandikira, Duncan anasowa pogwira. Kwathu kuno bambo salankhula pachinkhoswe, mawu ndi a ine malume wake wa mwana. Anazungulira nyumba, anakonza geti losawonongeka, kenako anapita kwa Olive mwamanyazi.

"Mwananga, nkhuku ya ankhoswe ija ndiwotche ndine."

"Wotchani," anatero Olive, maso ali pafoni. "Koma musandichititse manyazi kwa akuchimuna."

Chikwama cha Duncan chinali chomangamanga kale. Anandiuza kuti chinkhoswe chikangotha Loweruka, Lamulungu m'mawa akwera basi kubwerera ku Joni, poti kuno alibe chake. Ndinamuyankha kuti msewu ndi womwewo, sunasunthe.

Lachisanu masana anapha nkhuku yachizungu yonona, naisosola mosamala kuti khungu lisang'ambike. Anaipukuta ndi nsalu yoyera mkati ndi kunja, anaithira mchere thupi lonse, n'kuiika pakawaya m'filiji mwanga osavundikira. Ndinamufunsa ngati ku Joni kulibe zivundikiro.

"Mlamu, mdani wa khungu ndi madzi," anatero. "Ukailowetsa mu uvuni ili yonyowa, moto umayamba walimbana ndi madziwo, nkhuku imangophikika ndi nthunzi. Mchere utulutse chinyontho, mphepo ya m'filiji iumitse. Mawa mudzamva khungu likulira pakamwa."

Koma ife ndife anthu a fodya. Tsamba likauma kwambiri m'chigafa timachita mantha, timadikira chinyontho cha m'mawa kuti lifewe tisanaligwire. Loweruka m'mawa Agnesi anatsegula filiji, napeza nkhuku khungu litakakamira, likuoneka ngati pepala. Mtima unamupweteka. Anaitsuka bwinobwino, naiviika m'beseni la madzi kuti ibwerere mwakale.

Duncan ataipeza ikusambira anagwira kumutu.

"Amake Olive, mwandipha!"

"Ndakuphani chiyani? Nkhuku yosatsuka, yogona pambalambanda, mukapatse alendo? Zaka zonsezi mwana wadya zotsuka, sanafe."

Mawu amenewo anamulasa, ndinaona. Anatuluka, anafika pageti, anaima akuyang'ana msewu wa kudepoti. Ine ndinati basi, wapita uyo, nkhuku tiikazinga tokha ndi tomato. Koma anatembenuka.

Alendo ankayenera kufika masana, ndiye nthawi inalipo koma yosakwanira usiku wina wa m'filiji. Anaivuula, naipukuta ndi nsalu zouma, iyi ikanyowa n'kutenga ina, m'khwapa ndi m'ntchafu momwe. Mchere wambiri unali utapita ndi madzi, choncho anawazanso pang'ono. Anaiika pakawaya patebulo, anatseka mawindo kuopa ntchentche, n'kuilozetsa fani yanga kuti mphepo iiumitse. Pafupifupi ola lathunthu ankangozungulira tebulolo, kugwira khungu ndi chala, kupukutanso, kusuzumira mababu ngati magetsi akadalipo. Kunja azimayi anali atayamba kale nthungululu zoyeserera.

Khungu litasiya kumata chala, analipaka mafuta pang'ono, ongonyezimiritsa. Uvuni anali ataiyatsa kale kuti itenthe mpaka madigiri 220, chifukwa nkhuku ikalowa mu uvuni yozizira imangotuluka thukuta. Anaiika chagada pakawaya, thireyi pansi yolandira mafuta, natseka chitseko. Anati ikhala mphindi makumi awiri pamoto waukuluwo, kenako atsitsa kufika 190 kwa mphindi zina makumi anayi kapena kupitirirapo, kuti mkati mupse kunja kusanapserere.

Apa ndi pamene panali mayeso. Chitseko cha uvuni sichifuna kutsegulatsegula, kutentha kumathawa. Ndipo munthu wake anali Duncan! Anakoka mpando, nakhala maso ali pagalasi. Dzanja linkapita lokha pachogwirira, iye n'kulibweza, n'kulikhalira. Agnesi anabwera ndi kapu ya msuzi kuti aithire pamwamba isaume, Duncan anaimika dzanja, osatembenuka n'komwe. Galimoto ya kuchimuna inalira pageti, nyimbo zinayamba, iye sanadzuke. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sindinkadziwa kuti mlamu wanga angadekhe. Olive anadutsa pakhomo la khitchini atavala chitenje cha mwambo, anaima pang'ono akumuyang'ana kumsana, napitirira.

Nthawi itakwana anabaya ntchafu ndi mpeni, madzi anatuluka oyera opanda magazi. Nkhuku inatuluka yofiirira ngati fodya wa giredi yabwino, khungu likuthetheka. Anaisiya ipume patebulo mphindi khumi. Ine nthawi imeneyo ndinali nditabwera kudzaifulumiza, poti nkhoswe wa kuchimuna anali atayamba kuyang'ana wotchi.

Agnesi anatenga mbale ina kuti avundikire. Nayenso sankalakwa. Chakudya cha alendo, makamaka apongozi, sichiyenda pabwalo chili pamtunda, anthu angati mwana analeredwa kutchire.

"Mukavundikira, nthunzi ibwerera pakhungu," anatero Duncan. "Lifewa ngati nsanza. Chonde, amake Olive."

"Ulemu ndi khungu chachikulu n'chiyani?" anafunsa Agnesi.

Onse anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana kudenga, pakuti za banja la eni n'zovuta. Amene anayankha ndi Olive, yemwe anali atathawa kwa anamkungwi ake kudzaona chochedwetsa.

"Amama, isiyeni choncho. Achita kuivutikira."

Inatuluka yosavundikira, ndipo azimayi ena ananong'onezana ndithu. Ine ndi nkhoswe wa kuchimuna tinaigwira uyu mwendo uwu, uyu mwendo uwo, monga mwa mwambo. Titakoka, khungu linalira kuti tswa, mpaka a pamzere woyamba anamva. Mkuluyo anatafuna, anatseka maso, naiwala mawu amene anakonzekera. Anangoti, "Wawotcha ndani?" Ndinayankha mokweza kuti ndi bambo ake a mwana. Aka kanali koyamba kuti ndimutchule choncho, ndipo sizinandiwawe monga ndinkaganizira.

Duncan sanamve zonsezi. Madzulo alendo akubalalika ndinamupeza kuseri akutsuka thireyi, chikwama chija chili pakhonde. Olive anafika ndi phiko limene ndinamusungira, khungu likadali louma. Analinyema pakati, namupatsa theka.

"Ya paukwati mudzawotchanso ndinu," anatero. "Koma ndikufuna ndiidziwe ndekha. Mawa tikachoka kutchalitchi mundiphunzitse, ababa."

Basi ya mawa inali yonyamuka m'mawa. Duncan anayang'ana chikwama, anayang'ana mwana wake. Kenako anapukuta manja pathalauza.

"Ya mawa ndiye tiphe lero," anatero. "Imafunika igone m'filiji."