Basela wa Pambuyo pa Mayina

Kunyumba yoonetsera mafilimu aliyense ankawatchula kuti Mayi a Tochi, chifukwa kwa zaka khumi ndi chimodzi ndiwo ankalondolera anthu ku mipando yawo mumdima. Filimu ikatha, ankaika tochiyo m'thumba la epuloni n'kutola tsache. Amuna awo anali telala, ndipo mwana wawo wamkazi ankaphunzira unamwino. Iwo sukulu anailekezera panjira, koma panalibe munthu m'tauni yonseyo amene anaonera mathero a mafilimu ochuluka kuposa iwo. Chiyambi ankachiphonya kawirikawiri ali kalikiliki ndi ochedwa, koma kumapeto ankakhala ataima pakhomo ndi tsache, kudikira kuti mayina a opanga filimu athe kukwera pachinsalu.

Kudikirako n'kumene kunawaphunzitsa. Tsiku lina holo itatsala ndi iwo okha, mayina atatha, chinsalu chinawalanso. Pachinsalupo, munthu amene sanaonekeko m'filimu yonse analowa m'chipinda, nanena mawu awiri atatu, kenaka mdima. Anthu mazana awiri anali atalipira, koma anaona ndi wosesa yekha.

"Aphonyatu basela," anauza amuna awo atafika kunyumba. Dzinalo linakhala lomwelo.

Kuyambira pamenepo anayamba kutchera maso. Anazindikira kuti basela alipo wa mitundu iwiri. Wina amabwera msanga, akangotha mayina akuluakulu okongoletsedwa aja, anthu asanafike pakhomo, ndipo kawirikawiri ndi amene amanyamula nkhani yolemera. Winayo amabisala kumapeto kwenikweni, ndipo nthawi zambiri amangokhala nthabwala yothokozera opirira. Chaka china anaona basela wa maonekedwe osiyana ndi filimu yake, wakuda bii pamene filimuyo inali yowala. Patatha miyezi khumi anakumana ndi kachidutswa komweko pakati pa filimu ina. Anathamangira m'chipinda cha makina oonetsera filimu tsache lili m'manja.

"Achimwene, aba kapena abwereka?"

Mkulu wa makina anaseka mpaka kutsokomola. Anati kampani ndi imodzi, ndipo mafilimu ake onse amachitikira m'dziko limodzi lopeka. Filimu yoyamba isanatuluke, yachiwiri imakhala ikujambulidwa kale, ndiye amangodulako kachidutswa n'kukapachika kumchira kwa inzake. Nthawi zina wotsogolera filimu yotsatirayo ndi amene amabwera kudzajambula baselayo. Zina anawawerengera mwana wawo pafoni: kuti tizidutswa tina timajambulidwa mochedwa, mobisa, ndi anthu ochepa, ndipo nthawi zina atolankhani oitanidwa kudzaonera filimu isanatuluke samationa n'komwe. Anamvanso kuti osewera ena amasayina mgwirizano wa mafilimu angapo nthawi imodzi, ndiye kampani imatha kuwaonetsa mphindi imodzi chaka chino pokonzekera chaka chamawa.

Kenaka kunabwera manijala watsopano, mwamuna waukhondo amene kale ankayang'anira sitolo yaikulu. Sanali munthu woipa, koma ankadana ndi mphindi yongotayika. Lachisanu lina m'mawa, tsiku loyamba la filimu imene anthu anaidikira chaka chonse, anaitanitsa antchito onse.

"Mayina okha mphindi khumi ndi ziwiri," anatero akuloza pepala. "Panja anthu a chionetsero chachiwiri azikhala akudikira. Mayina akangoyamba, thimitsani filimuyo."

"Bwana, kudula sitingadule," anayankha wa makina. "Mgwirizano umati filimu ionetsedwe yonse."

"Ndiye izidziyendera yokha. Koma magetsi onse ayake, zitseko zitsegulidwe, osesa alowe."

Mayi a Tochi anapempha kuona pepalalo. Inali kalata imene imabwera ndi filimu iliyonse, youza wa makina mphindi imene mayina amayambira, kuti aike chizindikiro mu kompyuta choyatsira magetsi. Pansi pake panali mzere umodzi wopempha kuti magetsi akhale ochepa kufikira filimu itatheratu. Chifukwa chake sanalembe.

"Bwana, apa pali kanthu," anatero. "Sangatipemphe mdima chifukwa cha mayina okha."

"Mwakaona kanthuko, amayi?"

"Ayi. Palibe wakaona. Filimuyi ndi yokhoma mu kompyuta, kiyi wake atsegula masana ano."

"Ngati n'kofunika, bwanji osakaika m'kati mwa filimu ngati anthu anzeru?"

"Chifukwa si ka filimu iyi, bwana. Nkhani iyi ili ndi mathero akeake, munthu alire kapena aseke, mtima ukhale pansi. Mukamuponyera nkhani ina pomwepo mwamusokoneza. Ndiye amayamba aika mayina pakati ngati mpanda, kenaka n'kukusuzumiritsani kwa aneba. Wosafuna amapita kwawo atakhuta. Wofuna amatsala, amaonako mayina a anthu zikwi amene anagwira ntchitoyo, ndipo potuluka amakhala atagula kale tikiti ya chaka chamawa mumtima."

Manijala anamwetulira, koma sanasinthe. "Magetsi ayake," anatero.

Chionetsero choyamba chinayamba 1 koloko masana, holo itadzaza thothotho. Filimuyo inali ya mkazi wowotcherera zitsulo amene ankamva zitsulo zikulankhula. Mayi a Tochi anali ndi maganizo awoawo. Zaka zitatu m'mbuyomo kampani yomweyo inatulutsa filimu ya wamtengatenga wa makalata wodutsa m'makoma, amene kumapeto anamira m'khoma la ndende osatulukanso. Anthu analira, ena mpaka anatukwana. Tsopano m'filimu yatsopanoyi iwo anaona kawiri konse chikwama cha makalata chachikasu chitapachikidwa pakona, kamera n'kuchedwapo pang'ono popanda chifukwa.

Nkhani inatha, anthu anaomba m'manja, magetsi onse anayaka ngwee. Achinyamata ochepa odziwa anakhalabe, koma ambiri anadzuka, makapu ndi mapepala a mbuliwuli akugwa pansi. Mayi a Tochi anathamangira pakhomo. M'malo motsegula chitseko, anaima patsogolo pake n'kukweza tochi m'mwamba.

"Abale anga, khalani pansi. Simunamalize zomwe mwalipira."

"Tisesere limodzi kapena?" anafunsa bambo wina wonenepa atanyamula jekete. Anthu anaseka.

"Mukapanda kuona kanthu, bambo, ndikupatsani tsacheli mundimenye nalo."

Kusekako kunawathandiza. Anthu anayamba kubwerera, ena kukhala pa mikono ya mipando. Wa makina, amene ankaona zonse pa kawindo kake, anachepetsa magetsi mwakachetechete. Mayina akuluakulu anadutsa ndi nyimbo yake. Atatha, Mayi a Tochi anayang'anitsitsa chinsalu, poti apa ndi pamene basela woyamba amabwera. Sipanabwere kanthu. Mayina ang'onoang'ono anangoyamba kukwera, oyera pa chinsalu chakuda.

Manijala analowa nkhope itasintha. "Amayi, mukudziwa chimene mukuchita? Panja mzere wafika pamasitepe."

"Ndipatseni mphindi zisanu ndi zinayi, bwana. Mukandichotsa ntchito mundichotse zitatha."

Zinali mphindi zazitali kuposa filimu yonse. Anthu ena anatuluka ndithu akung'ung'udza, ndipo iwo anawapatsa njira. Otsalawo ankawayang'ana, ndiye iwo anayamba kuwerenga chinsalu mokweza ngati woitanira minibasi, poti dongosolo lake ankalidziwa pamtima.

"Awa ndi osoka zovala. Awa oyendetsa magalimoto. Gulu lalitalili ndi la opanga zithunzi pa kompyuta, musatope nalo, mumadutsa mayiko anayi mmenemu. Zikabwera nyimbo, ndiye tayandikira."

"Nanga ophika?" anafunsa mayi wina kumbuyo.

"Adutsa kale, mumayang'ana foni."

Mayina a nyimbo anakwera, kenaka zithokozo, kenaka zizindikiro za makampani. Chinsalu chinada. Sekondi imodzi, ziwiri, zitatu. Bambo wa jekete uja anatembenuka kuyang'ana tsache.

Kenaka kunamveka kugogoda. Chinsalu chinawala: mkazi wowotcherera uja ali yekha m'shedi yake, akuyang'ana chitseko. Kugogodako kunamvekanso, koma sikunkachokera kuchitseko. Kunkachokera m'khoma. Pang'onopang'ono m'njerwa munatuluka dzanja lafumbi litagwira envelopu, ndipo mawu amene anthu anali asanawamve kwa zaka zitatu anati, "Pepani, yachedwa."

Holo inaphulika. Anthu anaimirira pamipando, ena akukumbatira anthu osawadziwa. Mtsikana wina ankangolira akumenya mnzake paphewa. "Ali moyo!" anakuwa bambo wa jekete, jeketeyo ili pansi akuiponda yekha. Zonsezo zinatenga masekondi makumi anayi. Mayi a Tochi anakhala pa sitepe n'kuyamba kuseka misozi ili mbwembwembwe.

Potuluka, anthuwo anadutsa pamzere wa odikira aja ngati obwera ku mpira timu yawo itapambana. "Musatuluke msanga, mudikire mpaka kumapeto," ankauza aliyense. Amene anatuluka msanga aja atamva phokoso anabwerera, ndipo asanu ndi awiri anagula matikiti a chionetsero chotsatira kuti adzaone masekondi omwewo. Ena anaunjikana pa kauntala kufunsa ngati filimu yakale ya wamakalata ingabwerenso, poti amene sanaionere sanamvetse chimene anzawo ankakuwira.

Chionetsero chachiwiri chinachedwa ndi mphindi khumi ndi zitatu. Manijala anatola yekha thumba la zinyalala n'kuyamba kutolera makapu pamzere wakutsogolo, tayi ataiponya paphewa.

"Ndiye chaka chamawa awiriwa akhala m'filimu imodzi?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Mwina, bwana. Limeneli ndi lonjezo chabe, amayeseranso nalo ngati anthu akufuna. Pali mkazi wina wa diso limodzi lagalasi amene anandilonjeza kumapeto kwa filimu ina zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Filimuyo sinayende malonda, kampani inasintha mapulani, mpaka lero ndikumudikira."

"Koma uyu abwera?"

"Phokoso lija likamveka m'maholo onse, abwera."

Lolemba lake ndandanda inasintha: mafilimu a kampani imeneyo anawonjezeredwa mphindi khumi pakati pa zionetsero, ndipo filimu yakale ya wamakalata inaitanitsidwa kuti idzaonetsedwe Lamlungu masana. Manijala anagula kabolodi koyera n'kukapachika pakhomo la holo, nawapatsa Mayi a Tochi cholembera. Filimu iliyonse yatsopano ikaonetsedwa koyamba, iwo ankalembapo mawu ochepa: "Khalani, alipo awiri," kapena "Pitani bwino, palibe." Osesa anzawo ankakonda kwambiri uthenga wachiwiriwo.

Zimene zili mu baselayo sankaulula, ngakhale kwa mwana wawo, amene Loweruka lina anawatsatira mpaka kubafa akuwachonderera. Anamugulira tikiti pamalipiro awo, namukhazika pa mpando wapakati pa mzere wachisanu ndi chitatu, pamene mawu amamveka bwino kuposa pena paliponse.